Lipoti la akaunti ya wogulitsa mpunga imene banki inaiyimitsa masiku 30

Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama za mabizinesi ang'onoang'ono kuno ku Mzuzu, ndipo nkhani imene ndikufotokoza pano ndinaigwira pakati pa Julayi ndi Ogasiti 2024. Mwini nkhani anandilola kuti ndiilembe, koma dzina lawo, la banki ndi la kampani imene inawagula katundu ndazisiya dala.

Pa 31 Julayi kuofesi kwanga kunabwera mayi wina wa ku Chibavi amene amapikula mpunga wa Kilombero ku Karonga n'kumagulitsa mumzinda muno. Anali atanyamula jumbo yodzaza mapepala, ena opindapinda ndi ena odetsedwa ndi gaga wa kuchigayo, ndipo asanakhale n'komwe pampando anati, "Achimwene, banki yandidyera ndalama zanga." Sabata imodzi m'mbuyomo, pa 24 Julayi, anapita kukatapa ndalama zoti akalipire alimi amene anawatenga mpunga pangongole, koma wa pakauntala anawauza kuti sangawapatse kanthu, ndipo atalimbikira kufunsa anawatembenuzira kompyuta kuti aone okha mawu akuti `Post No Debit` pafupi ndi dzina lawo. Mawuwo amatanthauza kuti ndalama zikhoza kulowa mu akaunti koma sizingatuluke. Akaunti inali isanafafanizidwe, ndipo ndalama pafupifupi K18 miliyoni zinali momwemo. Anthu timangoti "anditsekera akaunti," koma m'kalata yopita kubanki ndi bwino kulemba kuti pali chiletso chotulutsa ndalama, chifukwa kutseka akaunti kwenikweni ndi nkhani ina.

Ndisanagwire pepala lililonse la m'jumbo muja ndinafuna kudziwa amene anaika chiletsocho, popeza mayendedwe onse a nkhani amadalira pamenepo. Chiletso chikhoza kuchokera kukhoti, ku ACB pa nkhani za katangale, ku MRA pa ngongole ya msonkho, kapena ku FIA, bungwe lofufuza kayendedwe ka ndalama limene linakhazikitsidwa ndi lamulo lothana ndi milandu ya zachuma la 2017. Zikakhala choncho banki imangomvera zimene yalamulidwa, ndipo ngakhale munthu atalemba kalata yabwino chotani, ofesi ya banki yoona zotsatira malamulo, imene ogwira ntchito m'banki amangoti komplayansi, ilibe mphamvu yochotsa chimene sinaike. Munthu wotere amafunika loya kapena kukambirana ndi bungwe limene linalamulalo, ndipo ine ndikanangowauza mayiwa kuti nkhani yawo si ya msinkhu wanga. Koma chiletso chikhozanso kuchokera m'banki momwemo, pamene ndalama zimene zikuyenda mu akaunti sizikugwirizana ndi zimene mwini wake ananena potsegula akauntiyo.

Tsiku lotsatira tinapita limodzi kukaonana ndi manejala wa nthambi. Funso langa linali limodzi: "Bwana, kodi pali kalata ya khoti kapena ya bungwe lina la boma imene mayiwa akuyenera kukayankha, kapena ndi nkhani yoti tikhoza kuithetsa ndi mapepala kwa inu konkuno?" Anayankha kuti akauntiyo ikuunikidwa ndi a komplayansi kulikulu la banki, ndipo tilembe kalata yofotokoza gwero la ndalama, iwo aitumiza. Sindinafunse ngati banki inakanena za mayiwa ku FIA, ndipo ndinali nditawachenjeza mayiwa tili panjira kuti nawonso asafunse. Lamulo la 2017 lija limaletsa wogwira ntchito m'banki kuulula kwa kasitomala kuti za iye zakanenedwa ngati zokayikitsa, kotero kuti kumukakamiza kuyankha funso limeneli n'kumupempha kuti aphwanye lamulo. Kukhala chete kwa manejala pa mfundo imeneyo anthu ambiri amakuyesa mwano, pamene iye manja ake ndi omangika.

Apa ndi pamene ndinadziwira kuti mayiwa anali atalemba kale kalata yawo pa 25 Julayi mothandizidwa ndi mwana wawo. Inali ya masamba awiri, yodandaula kuti akhala ndi bankiyo zaka zisanu ndi zinayi popanda mlandu, kuti ana awo akugona ndi njala, ndiponso kuti akapanda kuthandizidwa apita kuwailesi. Zonsezi zinali zochokera pansi pa mtima, koma m'kalatamo munalibe nambala ya akaunti, munalibe tsiku kapena kuchuluka kwa ndalama ina iliyonse, ndipo sanaphatikizepo pepala ngakhale limodzi. Woiwerenga kulikulu analibe pogwira.

Tinapempha sitetimenti ya miyezi 12, imene banki inatipatsa popanda vuto chifukwa chiletso sichiletsa mwini akaunti kuona zake. Nditaiyala patebulo, chimene chinadzidzimutsa banki chinaonekeratu. Akauntiyi inatsegulidwa mu 2015 ngati yosungira ndalama ya munthu payekha, ndipo pafomu mayiwa analemba kuti amagulitsa mpunga wa pambale mumsika. Kwa miyezi yambiri ndalama zolowa sizinkapitirira K400,000 pamwezi. Kenako pa 17 Juni munalowa K5,000,000 kuchokera ku akaunti ya munthu wina, m'mawa mwake mwiniwake anaikamo K4,000,000 ya pamanja, ndipo pasanathe masabata awiri K8,700,000 inali itatuluka, ina pakauntala, ina kupita ku nambala ya foni. Pa 22 Julayi munagwa K17,460,000 kuchokera ku kampani ya ku Lilongwe, ndipo patangopita masiku awiri mayiwa anafika kuti atape gawo lalikulu. Kwa munthu amene sakuwadziwa mayiwa, amene akungoona manambala pakompyuta, umu ndi mmene imaonekera akaunti imene wina akungoigwiritsa ntchito podutsitsa ndalama zakuba. Kwa ife amene tikudziwa kuti Juni ndi Julayi ndi nyengo ya mpunga ku Karonga, zinali zachidziwikire kuti mayiwa anangopeza oda yaikulu koyamba m'moyo wawo. Ntchito ya kalata inali yoti wa kulikulu uja aone zimene ife tinkaona, koma azione pamapepala oti angathe kuwatsimikizira yekha.

Njira imene ndimatsata ndi yoti mzere uliwonse waukulu wa pa sitetimenti ukhale ndi pepala lake. Ndinalemba manambala ndi pensulo m'mphepete mwa sitetimenti, ndipo tinayamba kukhuthula jumbo ija n'kumafunsana kuti pepala ili likuyankha mzere uti. Pepala limene silinkayankha mzere uliwonse, monga makalata a kutchalitchi oikira umboni khalidwe lawo ndi malisiti a fizi ya ana, tinalibweza m'jumbo, ngakhale mayiwa anaumirira kuti likusonyeza kuti ndi munthu wabwino. Mulu wa mapepala osasankha umachedwetsa nkhani, chifukwa woiunika amayenera kuchita yekha ntchito imene wopempha anaithawa.

K5,000,000 ija inali ngongole yochokera kwa mlongo wawo wa ku Rumphi, mphunzitsi amene anali atangolandira ndalama zake zopumira pantchito. Pachibale sanalemberane chilichonse, monga zimakhalira. Sitinapeke pangano n'kulipatsa deti lakale. Mlongoyo anabwera ku Mzuzu, analemba chikalata cholumbira pamaso pa loya chofotokoza kuti anabwereketsa ndalamazo pa 17 Juni ndi pamene anazipeza, n'kuphatikizapo fotokope ya chiphaso chake cha unzika ndi tsamba la sitetimenti yake losonyeza ndalamazo zikulowa ndi kutuluka. Pa K4,000,000 ya pamanja, K2,500,000 inali ngongole ya ku banki mkhonde, ndipo amayi a gululo anatilola kujambula tsamba la buku lawo pamene panali dzina la mayiwa, deti ndi masiginecha a wapampando ndi msungichuma. K1,500,000 yotsalayo inali phindu limene ankasunga m'nyumba, ndipo inalibe lisiti lililonse kupatula kope lawo la malonda a tsiku ndi tsiku.

Pamenepa panabwera chiyeso chimene ndiyenera kuchitchula, chifukwa chimafika pa nkhani zambiri zotere. Mnyamata wina wa pafupi ndi depoti anali atawauza mayiwa kuti akhoza kuwakonzera malisiti a chidindo okwana ndalama imeneyo pamtengo wochepa. Ndinawauza kuti akatero ine ndisiyira pomwepo. A komplayansi amaimba foni kwa amene dzina lake lili palisiti, ndipo pepala limodzi likapezeka labodza, ena onse olondola amagwa nalo limodzi, komanso nkhani imene inali ya mapepala imasanduka ya apolisi. M'kalata tinalemba mosabisa kuti K1,500,000 ndi ndalama yosungidwa pamanja kuchokera m'malonda a mumsika, kuti umboni wake ndi kope lokha, ndipo tinaphatikiza masamba a miyezi isanu ndi umodzi a kopelo.

Mzere umene unatidyera nthawi yambiri unali wa K17,460,000. Mayiwa anagulitsa matumba 150 a makilogalamu 50, kutanthauza makilogalamu 7,500, pamtengo wa K2,400 pakilo, ndipo invoisi yawo inali ya K18,000,000. Ndalama imene inalowa inali yoperewera ndi K540,000, ndipo mayiwa ankangoti kampaniyo inawadula "za boma." Umenewo unali msonkho wa 3 peresenti umene wogula amadula n'kukapereka ku MRA m'dzina la wogulitsa, ndipo wogulayo amayenera kupereka satifiketi yosonyeza kuti wadula. Satifiketiyo mayiwa anali asanaitenge. Vuto lachiwiri linali lalikulu kuposa limeneli: dzina la kampani imene inalembedwa pa invoisi silinali limene linaoneka pa sitetimenti. Amene anagula mpunga ndi kampani yogulitsa zakudya, koma amene analipira ndi kampani ya malole ya mwini yemweyo, imenenso lole yake inadzatenga katunduyo kuno ku Mzuzu. Kwa mayiwa zinali zosadetsa nkhawa, popeza ndalama inali itafika, koma kwa banki ndalama yochokera kwa munthu amene sali pa invoisi ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene amaziyang'anitsitsa. Tinaimba ku Lilongwe kanayi konse mpaka akauntanti wawo anatitumizira satifiketi ya msonkho ija pamodzi ndi kalata ya pa pepala la kampani, yosainidwa ndi yodindidwa, yonena kuti kampani ya malole inalipira invoisiyo m'malo mwa inzake ndipo onse awiri ndi a mwini mmodzi. Ndinapempha kuti m'kalatamo alembemo dzina ndi nambala ya munthu amene banki ingamuimbire.

Za ndalama zotuluka zinali zosavuta kwenikweni, chifukwa mayiwa ali ndi chizolowezi chabwino cholemba m'kope dzina la mlimi aliyense, kulemera kwa mpunga pasikelo ndi ndalama imene walandira, mlimiyo n'kusaina kapena kudinda chala. Kopelo linasonyeza K7,240,000 yolipiridwa kwa alimi ndi K3,200,000 imene inali idakali ngongole. Malisiti a kuchigayo ndi a lole yochokera ku Karonga anakwana K1,030,000. Panatsala K430,000 ya masaka, aganyu okweza katundu, ziphaso za pamsika, chakudya ndi malo ogona, imene inalibe pepala, ndipo nayonso tinaitchula momwemo.

Panali kanthu kenanso kamene ndinakapeza poyerekeza mapepala. Akaunti inatsegulidwa ziphaso za unzika zisanabwere, ndipo dzina lachiwiri la mayiwa pa akauntiyo linali la bambo a kunyumba kwawo, pamene chiphaso chimene analandira ku NRB pa kalembera wa 2017, pamodzi ndi nambala yawo ya msonkho ya TPIN ndi invoisi, zinali ndi dzina la bambo awo owabereka. Munthu mmodzi ankaoneka ngati anthu awiri. Tinaphatikiza mtchatho wawo wa ukwati ndi chikalata cholumbira chonena kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi.

Kalata yeniyeniyo inali ya tsamba limodzi ndi theka. Inalembedwa m'Chingerezi monga mabanki amafunira, yopita kwa mkulu wa komplayansi kudzera kwa manejala wa nthambi, ndipo anasaina ndi mayiwa, osati ine, popeza banki imakambirana ndi mwini akaunti pokhapokha iye atapereka chilolezo cholembedwa kwa wina. Pamwamba panali dzina, nambala ya akaunti ndi tsiku limene anadziwa za chiletso. Ndime yoyamba, ndikaimasulira, inkati: "Ndikupempha kuti muchotse chiletso chotulutsa ndalama chimene chili pa akaunti yanga kuyambira pa 24 Julayi 2024. M'munsimu ndafotokoza gwero la ndalama zitatu zikuluzikulu zimene zinalowa pakati pa 17 Juni ndi 22 Julayi ndi kumene zotuluka zinapita, ndipo pepala lililonse lotsimikizira ndalipatsa nambala." Kenako panali ndime imodzi pa ndalama iliyonse, yotha ndi nambala za mapepala ake, ndime yovomereza kuti bizinesi yakula kuposa zimene zili pafomu ya 2015 ndipo ali okonzeka kudzaza fomu yatsopano ya KYC, imene banki imadziwirapo kasitomala ndi bizinesi yake, ndi ndime yopempha kuti ngati kuunikako kutenge nthawi, banki ilole K3,200,000 yokha ya alimi ituluke. Mndandanda wa mapepala unali kumapeto, motere:

1. Chiphaso cha unzika, mtchatho wa ukwati ndi chikalata cholumbira cha mayina (masamba 4)
2. Bilu ya madzi ya ku Chibavi, laisensi ya bizinesi ya ku khonsolo ya mzinda ndi satifiketi ya TPIN (masamba 3)
3. Sitetimenti ya miyezi 12 yokhala ndi manambala m'mphepete (masamba 7)
4. Chikalata cholumbira cha mlongo wanga, chiphaso chake ndi tsamba la sitetimenti yake, pa K5,000,000 ya pa 17 Juni (masamba 4)
5. Tsamba la buku la banki mkhonde, pa K2,500,000, ndi masamba a kope la malonda, pa K1,500,000, zonse za pa 18 Juni (masamba 13)
6. Oda, invoisi, pepala losainira polandira katundu, satifiketi ya msonkho wodulidwa ndi kalata ya wogula, pa K17,460,000 ya pa 22 Julayi (masamba 5)
7. Kope la alimi, malisiti a kuchigayo ndi a lole, pa ndalama zotuluka (masamba 9)

Kulemba chiwerengero cha masamba kumaoneka ngati kuchulutsa gaga m'diwa, koma mapepala amenewa amadutsa m'manja mwa anthu angapo ndi pamakina ojambulira asanafike kulikulu, ndipo tsamba likasowa panjira mndandanda ndi umene umasonyeza kuti linaperekedwa. Tinapereka mafotokope okhaokha, mapepala enieni tinangowaonetsa kuti wa kubanki awayerekeze n'kutibwezera. Pa 6 Ogasiti tinakasiya envulopuyo, ndipo ndinaonetsetsa kuti pa kope lathu la kalata adindapo chidindo cha tsikulo ndi kusaina. Chidindo chimenecho n'chimene munthu amapita nacho ku Banki Yaikulu ya dziko lino, imene imayang'anira mabanki ndi kulandira madandaulo a makasitomala, ngati banki yake yangokhala chete, chifukwa kumeneko amayamba afunsa ngati dandaulo linaperekedwa kaye kubankiko. Ife sitinafike kumeneko.

Pa 14 Ogasiti manejala anaimba foni kuti a kulikulu ali ndi funso limodzi, ndipo funsolo linagwera pamalo pamene ine ndinalakwitsa. Mwa ndalama zotuluka zija, K2,500,000 inapita ku nambala ya foni m'magawo angapo, ndipo m'kalata tinalemba kuti inapita kwa mlongo wina wa mayiwa, mnyamata amene ankawagulira mpunga ku Karonga. Ndinakhulupirira zimene ndinauzidwa osafufuza kuti nambalayo inalembetsedwa m'dzina la yani. A banki atayang'ana anapeza dzina la mkazi, pamene kalata yathu inkanena za mwamuna. Nambalayo inali ya mkazi wa mnyamatayo, amene ndi ejenti wa ndalama za pafoni pamsika wina kumeneko, ndipo ankadutsitsira kwa iyeyo chifukwa ndiye amakhala ndi ndalama za pamanja. Nditawafunsa mayiwa chifukwa chimene sanandiuzire, anati, "Inetu achimwene ndimangoti ndi nyumba imodzi." Kwa banki sinali nyumba imodzi, linali dzina latsopano limene kalata sinalitchule. Tinalemba kalata yachiwiri ya ndime ziwiri yovomereza cholakwikacho, tinaphatikiza chiphaso cha mkaziyo, kalata yake yosainidwa ndi sitetimenti ya nambala yake ya masiku amenewo, ndipo tinazipatsa nambala 8 kuti zipitirize mndandanda woyamba. Tinakapereka pa 16 Ogasiti. Chiyambire nkhani imeneyi, nambala iliyonse ya foni yooneka pa sitetimenti ndimayamba ndayesa kutumizako ndalama yochepa kuti dzina la mwini wake lioneke pafoni, kenako n'kuimitsa ndisanatsimikize.

Pempho loti K3,200,000 ituluke kaye silinayankhidwe, ndipo sindinadabwe, chifukwa kulola gawo lina kutuluka kuunika kusanathe n'chinthu chimene mabanki sachita kawirikawiri. Ndimalilembabe chifukwa limasonyeza kumene ndalama ikupita ikangotuluka.

Chiletso chinachotsedwa pa 23 Ogasiti, patatha masiku 30. Banki sinalembe chifukwa chimene inachiikira kapena kupepesa, inangoitana mayiwa kuti adzadzaze fomu ya KYC yatsopano, akonze dzina la pa akaunti kuti lifanane ndi la pachiphaso, ndipo inawalangiza kuti alembetse dzina la bizinesi ndi kutsegula akaunti ya bizinesi oda ina isanabwere. Pafomupo, pamalo pofunsa ndalama zimene akuyembekeza kulandira, ndinawauza kuti asalembe za mwezi wamba zokha, koma alembenso kuti kuyambira Juni mpaka Ogasiti ndalama imodzi ikhoza kufika K20 miliyoni chifukwa cha nyengo ya mpunga. Alimi a ku Karonga analandira ndalama zawo pa 26 Ogasiti, awiri mwa iwo atanena kale kuti chaka chamawa sadzaperekanso mpunga pangongole. Ku banki mkhonde, kumene chiwongoladzanja chawo ndi 20 peresenti pamwezi, mwezi wowonjezerawo unawadyera mayiwa K500,000.